Capture Sharpening ya RawTherapee patapita miyezi: imabweza chiyani pa f/16?

"Munati mwayamba kukonza zithunzi zanu za nsalu ndi dikonivolushoni. Pano mukuti bwanji, chimbuuzi cha f/16 chikuchokadi, kapena n'zongonamiza maso?"

Chikuchoka, achimwene, koma osati chonse, ndipo malire ake mutha kuwawerengera musanajambule n'komwe.

Ndimajambula zitenje ndi madengu a anthu ogulitsa pa intaneti, ndi kamera ya sensa ya APS-C ya mamegapikiselo 24, imene pikiselo yake ndi pafupifupi mamaikulomita 3.9. Kuti dengu lioneke bwino kuyambira kukamwa mpaka pansi, ndimachepetsa bowo la lenzi kufika f/16. Vuto n'lakuti kuwala kukadutsa pabowo laling'ono kumamwazika, zomwe zimatchedwa difulakishoni, moti kadontho kamodzi kamafika pasensa katasanduka kabwalo. Kukula kwa kabwaloko ndi 2.44 × λ × N, pomwe λ ndi kutalika kwa funde la kuwala ndipo N ndi nambala ya f. Pa kuwala kobiriwira kwa mamaikulomita 0.55, f/8 imapereka mamaikulomita pafupifupi 11, pamene f/16 imapereka 21, kutanthauza mapikiselo oposa 5. N'chifukwa chake ulusi wa chitenje umaoneka mbuu ngakhale kamera ili pamiyendo yake ndipo fokasi ili pamalo.

Chida chimene ndakhala nacho miyezi yonseyi ndi Capture Sharpening, chomwe chinabwera mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya RawTherapee 5.8 mu 2020 ndipo chili m'gawo la Raw. Chimachita dikonivolushoni, komwe ndi kuchotsa chimbuuzi ndi masamu, motsata njira ya Richardson ndi Lucy, ya mu 1972 ndi 1974. Pulogalamu imaganizira chithunzi choyera, n'kuchipaka chimbuuzi cha saizi imene mwaiuza, n'kufananiza ndi chimene kamera inajambula, kenako n'kukonza ganizo lake, mobwerezabwereza. Zimenezi zimachitika koyambirira, mitundu ikangolumikizidwa kuchokera m'fayilo ya kamera, kuwala kusanapindidwe ndi zida zina. Masamu ake amayenda bwino pamenepo.

Zonse zagona pa Radius, yomwe ndi saizi ya chimbuuzi m'mapikiselo. Chidachi chimagwiritsa ntchito chimbuuzi cha mtundu wa Gauss, ndipo choyandikira kabwalo ka difulakishoni ndi pafupifupi 0.42 × λ × N. Pa f/16 zimenezi ndi mamaikulomita 3.7, ndiye pakamera yangayi ndi pikiselo imodzi kupereŵera pang'ono. Pa chitenje cha maluŵa oyera pansalu yakuda ndimayambira pa 0.95, Iterations, yomwe ndi nambala ya maulendo obwereza aja, ndimasiya pa 20, n'kukulitsa chithunzi kufika 100%. Ulusi woyenda chopingasa umayamba kulekana ndi woyenda chotsika, ndipo m'mphepete mwa duŵa, momwe utoto unaloŵerera pang'ono, mumaoneka mmene mulili. Ndikakweza kufika 1.3, duŵa lililonse limazunguliridwa ndi kamzere kakuda kuposa nsaluyo, ndipo ulusi umanenepa ngati wajambulidwa ndi bolopeni. Mukaona kamzereko, bwererani pansi. Pulogalamu imathanso kudziyezera yokha Radius, ndipo nthawi zambiri imagwera pafupi, koma ine ndimaiyerekezabe ndi masamu aja.

Chimene ndachizoloŵera mochedwa ndi Contrast threshold. Dikonivolushoni siisiyanitsa ulusi ndi timadontho ta ISO yokwera, zonse imazinola. Pakhoma losalala kumbuyo kwa dengu, timadonthoto timalumikizana n'kukhala timizere tokhotakhota. Ndimayatsa chigoba chosonyeza malo amene akunoledwa, n'kukweza nambalayo mpaka khoma litada, dengu lokha n'kutsala loyera. Pa ISO 100 zimenezi sizivuta. Pa ISO 3200 phindu limachepa kwambiri moti kuwonjezera magetsi kumaposa kulimbana ndi kompyuta.

M'makona, momwe lenzi yanga yotchipa imafooka, Corner radius boost imathandiza pang'ono chabe. Chimbuuzi cha m'makona nthawi zambiri chimakhala chokokeka mbali imodzi, pamene chidachi chimadziŵa chozungulira chokha. Chithunzi chogwedezeka sichichira pa chifukwa chomwecho, ndipo fokasi ikaphonya kwambiri musataye nthawi.

Tsono malire aja. Lenzi siidutsitsa mizere yothithikana kuposa 1 ÷ (λ × N). Pa f/16 ndi mizere iŵiriiŵiri pafupifupi 114 pa milimita, pamene sensa yanga ingalandire 128. Pa f/22 imatsika kufika 83. Zimene zili pansi pa malirewa zimafika zofooka, ndipo dikonivolushoni imazidzutsa. Zimene zili pamwamba pake sizifika pasensa n'komwe, choncho palibe Iterations imene ingazibweze. Kumbukiraninso kuti mukayandikira kwambiri, chinthu n'kukhala pasensa pa saizi yake yeniyeni, f/16 imamwaza kuwala ngati f/32.

Pano madengu ndimajambula pa f/11 kapena f/16 mosadandaula, ndipo chidachi chimakhala choyatsa pa fayilo iliyonse ya ISO yotsika. Chinthu chikafuna f/22, ndimajambula zithunzi zingapo pa f/8, fokasi yosiyanasiyana, n'kuziphatikiza.