Masipesa a matayala: a pamsika, opangidwira galimoto yanu, kapena kungosintha marimu?

Sipesa ndi chimbale cha aluminiyamu chomwe chimalowa pakati pa habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, ndi rimu kuti tayala lituluke kunja. Ena amayika kuti galimoto izioneka yotambalala, ena chifukwa rimu yatsopano ikukhula kalipa ya mabuleki kapena shoko. Tiyeni titenge Toyota Vitz, poti yadzaza m'misewu yathu. Ili ndi mabawuti 4 pa muyeso wa 4x100, kutanthauza kuti ali pa mzere wozungulira wotambalala mamilimita 100, mlomo wa habu wake ndi wa mamilimita 54.1, mabawuti ake ndi M12x1.5, ndipo manati amamangidwa ndi mphamvu ya 103 Nm. Mwini wake akufuna matayala atuluke ndi mamilimita 20 mbali iliyonse, pamene kuseri kwa rimu kwalembedwa ET45. Njira zilipo zitatu.

Koma choyamba pali zimene zimasintha, kaya mwasankha njira iti. Nambala ya ET imanena kutalika kwa pakati pa rimu kuchokera pamene imagunda habu. Mukayika sipesa ya mamilimita 20, rimu ya ET45 imakhala ngati ya ET25, ndipo matayala awiri akutsogolo amatalikirana ndi mamilimita 40 owonjezera. Kulemera kwa galimoto kumagwera kunja kwa malo amene bering'i inapangidwira kusenza, choncho imatha msanga. Zili ngati kunyamula ndowa ya madzi mkono utatambasuka: madzi ndi omwewo, koma phewa limamva. Chiwongolero nachonso chimasintha. Tayala limodzi likagwa m'dzenje, kapena mukaponda buleki tayala lina lili pa phula lina pa dothi, chimakukokani kwambiri kuposa kale. Ndipo mukanyamula anthu kumbuyo n'kudutsa pa bampu, tayala lotuluka limatha kukhula mlomo wa madigadi n'kuchekeka m'mbali.

Njira yoyamba ndi sipesa yotchipa ija imene ogulitsa amati imalowa pa galimoto iliyonse. Mudzaidziwa ndi mabowo ambirimbiri otalika, kuti ikwane pa mabawuti 4 ndi 5 omwe, ndiponso bowo lapakati lalikulu kuposa habu. Imangolowetsedwa pa mabawuti akale, rimu n'kubwera pamwamba. Apa ndiye pagona ngozi, ndipo anthu ambiri sapaganizira.

Chimene chimagwira tayala si mabawuti monga zikhomo zokolekapo. Manati akamangidwa, amapanikiza rimu pa habu mwamphamvu, ndipo kupanikizana kumeneko ndi kumene kumasenza galimoto. Kuti nati ipanikize mokwanira, iyenera kugwira bawuti pa mtunda wosachepera kunenepa kwa bawutiyo. Pa Vitz ndi mamilimita 12, ndipo poti kuzungulira kumodzi kumayenda mamilimita 1.5, ndiye kuti nati izungulire kasanu ndi katatu isanalimbe. Sipesa ya mamilimita 5 yokha imadya maulendo atatu ndi pang'ono. Nati imene inkazungulira kasanu ndi kanayi imatsala ndi osakwana asanu ndi limodzi. Ya mamilimita 20 pa mabawuti akale ndiye musayerekeze n'komwe, nati ingogwira kunsonga.

Vuto lachiwiri ndi mlomo wa habu, umene umakhazika rimu pakati penipeni. Mlomowu ndi waufupi, ndipo sipesa yosalala ikanenepa imaukwirira wonse. Rimu imatsala yopanda choitsogolera, imakhala pambali pang'ono, ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukafika liwiro la pamsewu waukulu. Mwini galimoto amapita kukabalansitsa matayala kawiri katatu osaona kusintha. Onjezani kuti masipesa oterewa nthawi zambiri amakhala a aluminiyamu wofewa wongothira m'chikombole, nkhope zake zosafanana bwino. Chitsulo chofewa chimaphwanyika pang'onopang'ono pansi pa rimu, manati amakhwefuka okha, rimu imayamba kusewera, ndipo bawuti imapindikapindika mpaka kuthyoka. Imodzi ikathyoka pa inayi, zotsalazo sizichedwa.

Zizindikiro zimaoneka tayala lisanachoke: fumbi lotuwa kapena mizere ya dzimbiri yochokera pa manati, mabowo a rimu amene ayamba kutalika ngati dzira, kugogoda pokhota, ndi nati imene mumaipeza yokhwefuka nthawi iliyonse mukaiyesa. Mukaona chimodzi mwa izi, imani, chotsani sipesayo, ndipo musinthe mabawuti onse a tayala limenelo, chifukwa ming'alu yake sioneka ndi maso.

Njira yachiwiri ndi sipesa yopangidwira galimoto yanu. Bowo lake lapakati ndi 54.1 ndendende, ndipo kunja ili ndi mlomo wakewake wa muyeso womwewo wolandira rimu. Apa musamale ndi kufanana kwa 4x100: Honda Fit ili ndi mabawuti a muyeso womwewo koma habu yake ndi 56.1, pamene Nissan March ndi 60.1 ndipo mabawuti ake ndi M12x1.25. Sipesa ya Fit ilowa pa Vitz, koma izisewera pakati.

Pa mamilimita 20, mtundu woyenera ndi uja umamangidwa pa habu ndi manati ake aafupi, n'kukhala ndi mabawuti akeake omangirapo rimu. Yabwino imasemedwa pa makina kuchokera ku aluminiyamu wolimba, kawirikawiri 6061-T6, ndipo mitu ya mabawuti ake imadindidwa 10.9, nambala yosonyeza kulimba kwa chitsulo. Ngati palibe chidindo chilichonse, ine sindingaiyike pa galimoto yonyamula ana anga. Maonekedwe ake angafanane ndi yodula, utoto wakuda womwewo, koma bawuti yofewa imatanuka pomanga ndipo sigwiranso.

Nayonso ili ndi msampha wake. Mabawuti akale akatalika kuposa sipesa, nsonga zake zimatuluka n'kugunda kuseri kwa rimu. Manati amamveka kuti alimba pamene rimu yatsamira pa nsonga zinayi, osati pa nkhope ya sipesa. Marimu ena a aluminiyamu ali ndi timaenje kuseri tolandira nsongazi, koma ena alibe. Yesani poyika rula pankhope ya sipesa mutaimanga: ikagunda bawuti kapena nati, onani ngati rimu ili ndi malo ake. Musanamange, palani dzimbiri lonse pa habu ndi burashi ya waya. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, mopingasa, osati modumphira pa paipi yotalikitsira sipanala monga ambiri amachitira. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, muyesenso, ndipo zimenezi zikutanthauza kuchotsa tayala, chifukwa manati amkati sawoneka. Tsopano muli ndi manati 8 pa tayala lililonse m'malo mwa 4, ndipo amene adzakusinthireni tayala panjira ayenera kudziwa kuti amkatiwo alipo.

Njira yachitatu ndi kugula marimu a 4x100 olembedwa ET25. Tayala lifika pamalo omwewo, ndiye bering'i ndi chiwongolero zimva chimodzimodzi. Pamenepa rimu siipambana sipesa. Imapambana poti palibe chachitatu pakati pa habu ndi rimu, palibe manati obisika, ndipo nati imagwira bawuti mokwanira. Marimu ambiri ogula padera ali ndi bowo lalikulu, monga 73.1, choncho pamafunika timphete totsekera mpata kufika pa 54.1, komanso manati oyenerana ndi mabowo a rimuyo.

Kwa mwini Vitz uja, ndikanasankha marimu, ndipo ndikanayima cha pa ET35 m'malo mwa ET25, chifukwa misewu yathu ya maenje imazunza kale mabering'i. Ngati ndalama sizikulola ndipo rimu ikungokhula kalipa pang'ono, sipesa ya mamilimita 3 yokhala ndi bowo la 54.1 ikwanira, bola nati izungulirebe kasanu ndi katatu ndipo mlomo wa habu uzifikabe mu rimu. Kupyola apo, musinthe mabawuti kuti akhale aatali, kapena mutenge yomangidwa payokha yokhala ndi chidindo.