Sitala kapena Delita: Kusiyana kwake pa mota ya chigayo ndi pa zotenthetsera za mafezi atatu

Magetsi a mafezi atatu amene ESCOM imafikitsa pa chigayo, pa malo owotcherera zitsulo kapena pa pampu ya mthirira amabwera pa mawaya atatu a laini, ndipo kawirikawiri pamakhalanso waya wachinayi wa nyutirali. Mukayeza pakati pa laini iliyonse ndi inzake mumapeza pafupifupi 400 V, koma mukayeza pakati pa laini ndi nyutirali mumapeza pafupifupi 230 V. Manambala awiriwa sasintha chifukwa cha mmene mwalumikizira mota yanu. Chimene chimasintha mukasankha sitala kapena delita, njira ziwiri zolumikizira makoyilo atatu, ndi voliteji imene ikugwera pa koyilo iliyonse ya mkati mwa mota, ndipo ine ndimaona kuti amene wagwira mfundo imeneyi safunikanso kuloweza zambiri.

Tikamati mafezi atatu ali olingana timatanthauza kuti mavoliteji atatuwo ndi ofanana kukula, akusinthasintha pa liwiro limodzi la 50 Hz, ndipo lililonse likutsalira linzake ndi madigiri 120. Katundu amene walumikizidwa nayenso ayenera kukhala wofanana pa nthambi zonse zitatu, monga mmene alili makoyilo atatu a mota yabwinobwino. Zikatero, makarenti atatuwo mukawaphatikiza pa mphindi iliyonse amapereka ziro, chifukwa pamene karenti ikupita pa waya umodzi, ikubwerera pa awiri enawo. N'chifukwa chake mota ya mafezi atatu siifuna nyutirali.

Pa sitala, nsonga imodzi ya koyilo iliyonse imamangidwa pamodzi ndi zinzake pa mfundo imodzi, ndipo nsonga zitatu zotsalazo zimapita ku malaini. Karenti imene yadutsa pa waya wa laini ilibe kwina kopatukira koma kulowa mu koyilo yomweyo, kotero karenti ya laini ndi karenti ya fezi, ndiko kuti ya mu koyilo, ndi chinthu chimodzi. Voliteji ndiye imasiyana, popeza pakati pa malaini awiri pali makoyilo awiri. Wina angaganize kuti 230 kuphatikiza 230 ziyenera kupereka 460, koma mavoliteji awiriwa safika pachimake nthawi imodzi. Mukajambula mizere iwiri yofanana kutalika yochokera pa mfundo imodzi ndi kutalikirana madigiri 120, mtunda wa pakati pa nsonga zake umaposa mzere umodzi ka √3, ndiko kuti ka 1.732. Choncho 400 kugawa ndi 1.732 ndi 231, imene timangoitchula kuti 230.

Pa delita zinthu zimatembenuka. Mathero a koyilo yoyamba amalumikizidwa ku chiyambi cha yachiwiri, yachiwiri ku yachitatu, yachitatu kubwerera ku yoyamba, ndipo malaini amalowa pa ngodya zitatuzo. Koyilo iliyonse ili pakati penipeni pa malaini awiri, kotero ikulandira 400 V yonse. Koma waya wa laini uliwonse ukudyetsa makoyilo awiri, ndipo pa chifukwa chomwe chija cha madigiri 120, karenti ya laini imaposa ya mu koyilo ka 1.732, osati kawiri.

```
Y:  V_L = √3 × V_ph     I_L = I_ph
Δ:  V_L = V_ph          I_L = √3 × I_ph
P = √3 × V_L × I_L × cos φ
```

Apa Y ndi sitala, Δ ndi delita, V ndi voliteji, I ndi karenti, L ndi laini, ph ndi fezi, P ndi mphamvu, ndipo cos φ ndi gawo la V ndi I zokokedwa limene likusandukadi mphamvu yogwira ntchito. Mzere wachitatuwo umagwira ntchito pa njira zonse ziwiri, ndipo pamenepa m'pamene ophunzira ambiri amasokonekera, n'kumati ndiye kuti sitala ndi delita zimapereka mphamvu yofanana. Sizili choncho, chifukwa karenti ya laini imene mukuika mu masamuwo imakhala itasintha kale.

Tiyeni titenge uvuni yophikira buledi yokhala ndi zotenthetsera zitatu, chilichonse cha 20 Ω. Pa sitala, chilichonse chikulandira 231 V, karenti yake ndi 11.5 A, ndipo imeneyi ndi yomwenso muipeze pa laini. Mphamvu yonse ndi 8 kW. Mukalumikiza zotenthetsera zomwezo pa delita, chilichonse chikulandira 400 V ndipo chikukoka 20 A, koma pa laini mupeza 34.6 A, ndipo mphamvu yonse yafika 24 kW. Karenti ya laini ndi mphamvu zonse zakwera katatu, chifukwa 1.732 yalowa kawiri, koyamba pa voliteji ya koyilo, kachiwiri pa kugawikana kwa karenti. Munthu amene wasintha uvuniyi kuchoka pa sitala kupita pa delita kuti izitentha msanga, koma osasintha waya ndi buleka, ndiponso osaona ngati zotenthetserazo zinapangidwira 400 V, wayatsa moto ndi manja ake.

Njira ziwirizi zimasiyananso pa mmene zimaonetsera vuto, ndipo zimenezi n'zothandiza kwa amene ali ndi mita yopanira waya. Chotenthetsera chimodzi chikaduka pa sitala yopanda nyutirali, laini yake imasonyeza ziro, ndipo ziwiri zotsalazo zimagawana 400 V, chilichonse 200 V, kotero malaini awiriwo amasonyeza 10 A ndipo mphamvu imatsika kufika pa 4 kW, theka la poyamba. Pa delita, palibe laini imene imafika pa ziro. Malaini awiri amasonyeza 20 A, yachitatu imakhalabe pa 34.6 A, ndipo mphamvu imatsala 16 kW. Vuto la pa delita limatha kubisala nthawi yaitali chifukwa uvuni ikutenthabe ndithu, n'chifukwa chake kuyeza laini imodzi yokha sikokwanira.

Pa mota, chisankho sichili kwa mmisiri koma pa kachitsulo kolembedwa kamene kamamatidwa pambali pake. Mota zambiri zazing'ono zimalembedwa `230/400 V Δ/Y`, kutanthauza kuti koyilo yake inapangidwira 230 V. Pa magetsi athu a 400 V mota yotere iyenera kukhala pa sitala nthawi zonse, ndipo mukaiika pa delita makoyilo amalandira voliteji yoposa muyezo wake ka 1.732, imalira mwachilendo, imakoka karenti yochuluka, n'kupsa posakhalitsa. Mota zokulirapo zimalembedwa `400/690 V Δ/Y`. Koyilo yake ndi ya 400 V, kotero pa magetsi athu imagwira ntchito yake yonse pa delita basi. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti nambala yaing'ono pa ziwirizo ndiyo voliteji ya koyilo, ndipo mulumikize mwa njira imene ingapatse koyilo nambala imeneyo.

M'kabokosi ka mawaya a mota mumakhala zomangira zisanu ndi chimodzi, `U1 V1 W1` mzere umodzi ndi `W2 U2 V2` mzere wina. Tizitsulo tolumikizira tikagona chopingasa kumanga `W2`, `U2` ndi `V2`, imeneyo ndi sitala. Tikaima titatu, kumanga `U1` ndi `W2`, `V1` ndi `U2`, `W1` ndi `V2`, imeneyo ndi delita. Kusinthana kwa zilembo pa mzere wachiwiriwo kunachitika dala kuti tizitsulo towongoka tithe kupanga delita, choncho mota ikabwera kopombedwa makoyilo atsopano ndi bwino kuyeza ndi mita kuti mutsimikize kuti nsonga zili m'malo mwake.

Taganizirani tsopano chigayo chokhala ndi mota ya 22 kW yolembedwa `400/690 V`. Tikatenga cos φ ya 0.85 ndi kuti magawo 91 pa 100 a mphamvu yolowa ndiwo amafika pa shafuti, karenti ya laini pa ntchito yonse ndi pafupifupi 41 A, ndipo mu koyilo iliyonse mukudutsa pafupifupi 24 A. Mukaiyatsa mwachindunji pa delita, imakoka karenti yoposa ya nthawi zonse pafupifupi kasanu ndi kamodzi, imene ndi cha m'ma 250 A, ndipo mababu a nyumba zonse zodya pa thiransifoma yomweyo amaphethira. Mukaiyatsira pa sitala, koyilo imalandira 231 V yokha ndipo karenti ya laini imatsika kufika cha m'ma 80 A. Ichi ndicho chifukwa cha choyatsira cha sitala ndi delita, chimene chili ndi makontakita atatu ndi kawotchi kosinthira pakapita masekondi angapo.

Koma phindu limeneli lili ndi mtengo wake, popeza mphamvu yopotokola shafuti nayonso imatsika kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Chigayo chopanda kanthu m'kati chimanyamuka bwino pa sitala, pamene chigayo chimene magetsi anachizimira chili chodzaza chimanga chimangong'ung'udza osafika pa liwiro, ndipo kawotchi kakasinthira ku delita mota isanathamange mokwanira, karenti imalumpha pafupifupi ngati mwayatsa mwachindunji. Apa vuto si choyatsira, ndipo chofunika n'kuyamba mwachotsa chimanga. Chimodzimodzinso, kawotchi kakalephera kusinthira ku delita ndipo mota n'kutsalira pa sitala, imazungulira ndithu ikakhala yopanda katundu, koma mukathira chimanga liwiro limagwa ndipo imatentha.

Pali cholakwa china chimene ndimafuna amisiri anzanga achisamale kwambiri, ndicho kutchera ovalodi, chotetezera chimene chimazimitsa mota karenti ikapyola muyezo. M'zoyatsira zambiri za mtunduwu ovalodi imamangidwa pansi pa kontakita yaikulu, pa mawaya opita ku `U1 V1 W1`, kumene kukudutsa karenti ya koyilo osati ya laini. Pamenepo iyenera kutcheredwa pa 0.58 ya karenti yolembedwa pa mota, imene pa chitsanzo chathu ndi 24 A. Amene waitchera pa 41 A walola koyilo kunyamula karenti yoposa muyezo wake ndi magawo 73 pa 100 ovalodi isanadziwe kanthu, ndipo motayo idzapsa chitetezo chake chili chikhalire. Ovalodi ikakhala kumtunda, pa mawaya atatu ochokera ku buleka, ndiye kuti 41 A ndi yolondola, choncho yambani mwatsata waya ndi maso musanapotokole kamuvi.

Kumbali ya thiransifoma, njira ziwirizi zimagwira ntchito limodzi. Mathiransifoma ambiri ogawira magetsi amalembedwa `Dyn11`, kutanthauza delita kumbali ya 11 kV kapena 33 kV, kumene mawaya atatu ndi okwanira, ndi sitala yokhala ndi nyutirali kumbali ya 400 V. Sitala ndi yokhayo imene imapereka 230 V ya m'nyumba, ndipo popeza nyumba sizikoka karenti yofanana pa mafezi onse, nyutirali imanyamula yotsalayo ndi kusunga fezi iliyonse pa 230 V. Nyutirali ikaduka kapena ikabedwa, mfundo ya pakati imasunthira ku fezi yolemedwa, mababu a kumeneko amachita mdima, pamene nyumba za pa fezi yopepuka zimalandira voliteji yokwera kulowera ku 400 V ndipo mawailesi ndi mafiriji amapsa. Mota ya chigayo, imene siigwiritsa ntchito nyutirali, imapitiriza kuzungulira bwinobwino, kotero mukaona mavoliteji a pakati pa malaini ali pa 400 V koma a laini ndi nyutirali akusiyana kwambiri, zimitsani zonse za 230 V ndi kudziwitsa a magetsi nthawi yomweyo.