Fayilo ya kotesheni yodzitengera mitengo yokha: nyenyezi 4 mwa 5

Fayilo imeneyi tinachita kupangitsa kwa munthu wodziwa Excel, ndipo takhala tikuigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo polembera makasitomala makotesheni. Ndaipatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha khalidwe limodzi limene inabwera nalo: ikalephera kupeza mtengo inkangokhala chete. Pa nkhani ya ndalama, fayilo yobisa vuto ndi yoopsa kuposa yokuwa.

Kapangidwe kake ndi kosavuta. Muli masamba awiri. Tsamba lotchedwa `Mitengo` lili ndi mndandanda wa katundu yense: kodi ya katundu mu kolamu A, dzina mu B, mtengo wa chimodzi mu C. Tsamba lachiwiri, `Kotesheni`, ndi limene kasitomala amalandira. Inu mumangolemba kodi mu A ndi chiwerengero mu C, basi dzina lija latulukira mu B, mtengo mu D, ndipo E yachulukitsa kale. Fomula imene anatiikira mu kabokosi ka mtengo pa mzere woyamba inali iyi:

```
=IFERROR(VLOOKUP($A12,Mitengo!$A$2:$C$300,3,FALSE),"")
```

Poiwerenga mwachidule, ikunena kuti: tenga kodi ili mu A12, ukaifufuze mu kolamu yoyamba ya mndandanda, ukaipeza ubweretse zimene zili mu kolamu yachitatu pa mzere womwewo.

Apa pali zinthu ziwiri zimene anakonza bwino kwambiri, ndipo ndikuwayamikira. Choyamba ndi zizindikiro za `$` zija. Zimagwira mndandanda kuti usamatsetsereke pamene fomula ikukokedwa kutsika mizere ya kotesheni. Popanda izo, mzere wachiwiri ukanayamba kufufuza kuchokera pa A3, wachitatu pa A4, ndipo katundu wa pamwamba pa mndandanda akanamasowa mmodzimmodzi mosadziwika bwino. Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, ndi `FALSE` wa kumapetoyo. Ameneyu amalamula kuti kodi ifanane ndendende. Akasiyidwa, VLOOKUP imangoyesa kuti mwalola yoyandikira. Tinene kuti mwalemba `TON-11` pamene mu mndandanda wosanjidwa bwino muli `TON-10` ndi `TON-12` zokha: idzakubweretserani mtengo wa `TON-10` osadandaula n'komwe, mtengo wooneka bwinobwino koma wa katundu wina. Mndandanda ukakhala wosasanja ndiye zobwera zake sizipanganika. Choncho wina akakupangirani fayilo yotere, dinani kabokosi ka mtengo muone ngati VLOOKUP ya mu fomulayo ikuthera pa `FALSE` kapena pa 0. Ngati palibe, mubwezereni fayiloyo.

Pa liwiro palibe chodandaula. Kotesheni ya mizere makumi awiri imatha kasitomala adakali pa foni, ndipo zija zokopera mtengo wa mzere wapamwamba m'malo mwa wapansi zinatheratu.

Pamene panandikwiyitsa ndi pa `IFERROR`. Cholinga chawo ndikuchimvetsa. Mizere ya kotesheni imene simunalembemo kodi imaonetsa `#N/A`, chizindikiro choti fomula sinapeze zimene ikufufuza, ndipo pepala lodzaza ndi zimenezi silioneka bwino kwa kasitomala. Ndiye anakuta fomula yonse kuti pakakhala vuto lililonse, kabokosi kazingooneka kopanda kanthu. Koma `IFERROR` sisiyanitsa mzere umene simunalembe ndi mzere umene mwalemba koma mtengo wake sunapezeke. Zonse imazifafaniza mofanana. Fomula ya mu E nayo inkati D ikakhala yopanda kanthu nayonso isaonetse kanthu, ndipo `SUM` ya pansi imangodumpha kabokosi kotere.

Onani mmene zimathera pa kotesheni ya zinthu zitatu. Mapepala, kodi `PEP-A4`, mapaketi 10 pa 450 limodzi, zikupanga 4,500. Inki ya pulinta, kodi `TON-12`, ziwiri pa 3,200 imodzi, zikupanga 6,400. Mafayilo osungiramo mapepala, kodi `FAI-07`, okwana 25 pa 80 imodzi, zikupanga 2,000. Zonse pamodzi ziyenera kukhala 12,900. Tsopano mtengo wa inki usapezeke. Mzere wake ukhala ndi kodi ndi chiwerengero, kwinako mbee, ndipo pansi pa tsamba palembedwa 6,500 mwaulemu wake. Pa mizere itatu diso ligwira msanga. Pa mizere makumi awiri, kasitomala akukufulumizitsani, munthu umangoyang'ana nambala ya pansiyo n'kutumiza. Ndipo kasitomala akaona 6,500 pa pepala lanu, kukamuuza mawa kuti ndi 12,900 ndi nkhani yovuta kuiyamba.

N'chifukwa chiyani mtengo ungasowe pamene katunduyo alimo mu mndandanda? Ife takumana ndi zifukwa zitatu, ndipo chilichonse chili ndi njira yochizindikirira.

Chofala kwambiri ndi kampata kosaoneka kumapeto kwa kodi, makamaka kodi ikakopedwa kuchokera mu uthenga wa kasitomala. Kwa diso `TON-12` ndi yomweyo, koma kwa fomula ndi mawu awiri osiyana. Lembani `=LEN(A13)` mu kabokosi kapadera. Kodi imeneyi ili ndi zilembo 6, ndiye ikabwera 7 mwachipeza chimene chavuta. `TRIM` imachotsa timipata tamtunduwu, ngakhale kuti kampata kena kochokera pa intaneti imakasiya, ndipo kameneko kamafuna kufufutidwa pamanja. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono si vuto, `ton-12` imapezeka bwinobwino.

China chimagwera amene makodi awo ndi manambala okhaokha, monga 1045. Mu mndandanda ikhoza kusungidwa ngati mawu, mu kotesheni n'kulembedwa ngati nambala, ndipo ziwirizi sizigwirizana. Nthawi zambiri mumazindikira poona mbali imene yatsamira: nambala yeniyeni imakhala kumanja kwa kabokosi, yosungidwa ngati mawu imakhala kumanzere, ndipo Excel imaiika kachizindikiro kobiriwira pakona.

Chachitatu chinali cha fayilo yeniyeniyo. Fomula inkalekezera pa mzere 300. Mndandanda utakula, katundu watsopano amene analembedwa pansi pa mzere umenewo anali kunja kwa malo ofufuzamo. Chizindikiro chake n'chakuti katundu wakale yense akupezeka, watsopano yekha ndiye akusowa.

Titawafotokozera, sanatsutse ndipo sanatilipiritsenso. Anasintha fomula kukhala motere:

```
=IF($A12="","",VLOOKUP(TRIM($A12),Mitengo!$A:$C,3,FALSE))
```

Tsopano mzere wopanda kodi ndi wokhawo umene umakhala woyera. Kodi ikalembedwa koma osapezeka, `#N/A` imaonekera mu D, n'kufalikira ku E mpaka ku nambala ya pansi, moti kotesheni singatumizidwe osakonza. Poyamba anzanga ena mu ofesi ankadana nayo, amvekere fayilo yawonongeka. Sinawonongeke, ikugwira ntchito yake. `$A:$C` ija imatenga makolamu onse mpaka pansi, choncho malire a mzere 300 anachoka. Dziwani kuti makodi athu onse ali ndi zilembo. `TRIM` imasandutsa nambala kukhala mawu, ndiye ngati anu ndi manambala enieni, isiyeni, apo ayi mudzibweretsera vuto lachiwiri lija. Anatiwonjezeranso kamndandanda kotsika kosankhirapo kodi mu kolamu A, kamene amakonza ndi `Data Validation`, ndipo kuyambira pamenepo zolemba molakwika zinachepa kwambiri.

Pali msampha wina umene anatichenjeza okha potipatsa fayilo, ndipo ndi bwino kuti muudziwe. Nambala 3 ya mu fomula siyenda. Wina akalowetsa kolamu yatsopano pakati pa dzina ndi mtengo, mtengo umasamukira ku D, malo ofufuzamo amakula okha, koma 3 uja amakhalabe 3. Ngati kolamu yatsopanoyo ilibe kanthu, mitengo yonse imasanduka 0, ndipo zimenezo mumaziona msanga. Koma tayerekezani kuti mwaikamo mtengo umene inuyo mumagulira katunduyo. Kotesheni idzadzaza bwinobwino ndi mitengo yanu yoodera, popanda chenjezo lililonse. Njira yotetezeka ndi kuwonjezera makolamu kumanja kwa mtengo, kapena kugwiritsa ntchito fomula yosadalira kuwerenga makolamu:

```
=IF($A12="","",INDEX(Mitengo!$C:$C,MATCH(TRIM($A12),Mitengo!$A:$A,0)))
```

Imeneyi imaloza kolamu ya mtengo mwachindunji, ndiye mtengo ukasamukira ku D, Excel imaisintha yokha kuti iloze D. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanaikire XLOOKUP, imene imachita zomwezo mwachidule ndiponso imafuna kodi yofanana ndendende popanda kuiuza. Yankho lawo linandigwira mtima: anayamba afunsa kaye makompyuta amene tili nawo. XLOOKUP ilipo mu Microsoft 365 ndi Excel 2021, koma mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndipo kompyuta imodzi mwa athu ili ndi 2016. Kumeneko fomulayo ikanati iwerengedwe, ikanabweretsa `#NAME?`. Munthu amene amafunsa zotere asanayambe ntchito ndi amene mumamufuna.

Za kodi yolembedwa kawiri ndingotchula mwachidule. VLOOKUP imabweretsa yoyamba kuipeza kuchokera pamwamba, n'kuima pomwepo. Ngati mtengo wakwera ndipo wina walemba mzere watsopano pansi osafufuta wakale, fayilo ipitiriza kupereka mtengo wakale. `=COUNTIF(A:A,A2)` yokokedwa kutsika pa tsamba la mitengo imaulula zimenezi: paliponse pamene pabwera 2 pali mapasa. Ndikanakonda akanaiikiratu, koma kuiwonjezera sikutenga nthawi.

Chimene sichingakonzedwe ndi fomula iliyonse, ndipo sanatiuze poyamba, ndi chakuti kotesheni imakhala yamoyo. Mitengo ya mu D sinalembedwe, ikungowerengedwa kuchokera ku mndandanda nthawi zonse. Ngati mumasunga makotesheni akale ngati masamba mu fayilo yomweyo, tsiku limene musinthe mtengo wa inki kuchoka pa 3,200 kufika pa 3,500, kotesheni ya mwezi watha ya 12,900 idzakhala 13,500 yokha, deti lake lili lakale lomwe lija. Kasitomala akabwera ndi pepala lake, inu mulibenso umboni wa zimene munamulonjeza. Kutumiza fayilo yeniyeniyo kwa kasitomala nakonso si bwino, chifukwa tsamba la `Mitengo` limapita nawo, ngakhale mutalibisa, ndipo kulibisula ndi nkhani ya kudina kawiri. Ife tinagwirizana kuti kotesheni iliyonse ikatha tiziisunga ngati PDF, imeneyo ndiyo ipite kwa kasitomala. Tikafuna kope loti tidzalisinthe, timakopera tebulo lonse n'kulimata ndi `Paste Special` kenako `Values`, kuti mafomula achoke patsale manambala okhaokha, ndipo dzina la fayiloyo timaliyamba ndi nambala ya kotesheni ndi deti lake.