Masabata 6 a IELTS madzulo: gawo limodzi pa sabata, kapena kusakaniza?

Munthu woweruka 5 koloko amene akukonzekera IELTS, mayeso oyesa luso la Chingelezi, angapeze ola ndi theka madzulo asanu pa sabata. Pa masabata 6 amenewo ndi maola 45 basi, osawerengera Loweruka lomwe angawonjezere ngati banja lilola. Anthu amawagawa m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi yoti sabata iliyonse ikhale ndi gawo lake: kumvetsera, kuwerenga, kulemba, kulankhula, kenako masabata awiri a mayeso oyeserera. Ubwino wake ngwakuti sufunika kuganiza kuti lero ndichita chiyani, ndipo ukabwera wotopa ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, zimenezo si zazing'ono. Koma kulemba ukukupatsa madzulo asanu okha, pomwe ndi gawo lochedwa kusintha. Ndiponso khutu lomwe unalizoloweretsa sabata yoyamba limakhala litazizira pofika yachisanu, chikhalirecho pa mayeso mawu amamveka kamodzi kokha.

Yachiwiri imayamba ndi mayeso athunthu Loweruka loyamba, wotchi ili pambali, kenako maola amapita kumene kwaoneka kufooka. Ine ndimaikonda iyi.

Tiyerekeze namwino wofuna kukagwira ntchito ku Britain, kumene, pa magiredi a IELTS ofika 9, amafuna 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Poyeserera wapeza 31 pa 40 pa kumvetsera, zomwe zili cha pa 7. Pa kuwerenga wapeza 24, cha pa 6, ndipo mphindi 60 zamuthera asanamalize nkhani yachitatu. Chimangirizo cha mawu 250 wachisiya pakati. Ameneyu kutaya sabata yathunthu pa kumvetsera n'kuwononga. Lolemba ndi Lachinayi alembe chimangirizo m'mphindi 40, nthawi yotsalayo awerenge zomwe walemba n'kuona ngati wayankhadi mbali zonse za funso. Chimangirizochi chimalemera kawiri kuposa ntchito yoyamba ya mawu 150, choncho chidye maola ambiri. Lachiwiri ndi Lachisanu awerenge nkhani imodzi m'mphindi 20, kenako afufuze chomwe chinamusokoneza pa yankho lililonse lolakwika. Ambiri amagwa posiyanitsa `False` ndi `Not Given`: loyamba ndi pamene nkhani ikutsutsa, lachiwiri ndi pamene nkhani sinanene kanthu. Lachitatu adzijambule mawu pafoni, mphindi imodzi yokonzekera, ziwiri zolankhula, atsirize ndi kumvetsera. Magetsi akazima, asinthanitse tsikulo ndi la kulankhula, popeza sikufuna nyali.

Vuto la njirayi n'lakuti kulemba sungadzichongere wekha. Popanda mphunzitsi wa Chingelezi woona chimangirizo chimodzi pa sabata, umangobwereza zolakwa zomwezo mwaliwiro. Ubwerezenso mayeso athunthu kumapeto kwa sabata yachitatu. Ngati kuwerenga kukadali pa 24 kapena 25, masabata atatu otsalawo sangakufikitse pa 30 yofunika kuti upeze 7, ndipo ndi bwino kusuntha tsiku la mayeso usanalipire.