Sikiripiti ikumafera panjira ndi 429: sleep, kudikira ikakukana, kapena bachi?

Anzanga amene mumalemba timasikiripiti totumiza mameseji kapena kukonza malekodi a makasitomala kudzera pa API, nkhani ya `429 Too Many Requests` mukuidziwa. Lupu imayamba bwinobwino, makasitomala 60 oyambirira adutsa, kenako zofiira zokhazokha mpaka pansi. Sikuti kodi yanu yathyoka ayi, seva ikungonena kuti mwapyola mlingo omwe inakupatsani pa mphindi. Njira zomwe anthu timagwiritsa ntchito ndi zitatu ndipo sizofanana mphamvu olo pang'ono.

Tiyerekeze chonchi. Gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mangochi lili ndi mamembala 6,000, ena pa boma pompano ena ku Namwera, Monkey Bay mpaka ku Makanjira, ndipo kutha kwa mwezi aliyense akuyenera kulandira meseji ya balansi yake. Tinene kuti API yomwe mukugwiritsa ntchito imalola marikwesiti 60 pa mphindi (yanuyo onani m'madokyumenti ake, manambala amasiyana). 6,000 kugawa ndi 60 ndi mphindi 100. Ngati mukutumiza m'modzim'modzi simungamalize nthawi imeneyi isanakwane, kaya mulembe kodi yokongola bwanji. Nambala imeneyi muisunge m'mutu.

Yoyamba yomwe aliyense amathamangira ndi kuponya `time.sleep(1)` mkati mwa lupu. Imagwira, sindikukana, ndipo ndi mzere umodzi basi. Koma imadya nthawi mosaonekera, chifukwa sekondi imodziyo ikuwonjezera pamwamba pa nthawi yomwe rikwesiti yatenga kale. Netiweki ikakhala bwino rikwesiti kutenga masekondi 0.4, kasitomala aliyense akudya 1.4, onse pamodzi mphindi 140. Ndiye tsiku lomwe netiweki ikukoka, rikwesiti kutenga masekondi awiri, aliyense akudya atatu, ntchito ya mphindi 100 ija yasanduka ya maola 5, laputopu ikutentha ndi dzuwa la Okutobala lija, batire ikutha, inu mukudikira pachabe seva isanadandaule nkomwe. Mankhwala ake ndi osavuta, muziwerenga nthawi yomwe yapita kale nkugona yotsalayo yokha:

```python
poyamba = time.monotonic()
tumiza(kasitomala)
time.sleep(max(0, 1.1 - (time.monotonic() - poyamba)))
```

Ndaika 1.1 osati 1 kuti pakhale kampata, zonse zikutha pa mphindi 110 ngati netiweki ikulola. Kufooka kwake nkwakuti njirayi siimva zomwe seva ikunena. Malire nthawi zambiri amawerengedwa pa kiyi kapena pa akaunti, osati pa sikiripiti, ndiye mnzanu wa muofesi akayatsa yake ndi kiyi yomweyo, kapena sisitimu yaikulu ikutumizanso mameseji a malisiti nthawi yomweyo, nonse mukumwa pa 60 yomweyo ndipo 429 ibweranso ngakhale masamu anu ali olondola.

Yachiwiri ndi kuthamanga mpaka seva ikukaneni, ikakukanani nkudikira kenako nkuyesanso. Maseva ambiri akabweza 429 amaikaponso `Retry-After`, kukuuzani kuti mudikire nthawi yaitali bwanji.

```python
if r.status_code == 429:
    time.sleep(int(r.headers.get("Retry-After", 60)))
```

Apa samalani zinthu ziwiri. `Retry-After` itha kubwera ngati masekondi koma itha kubweranso ngati deti ndi nthawi, ndipo ikabwera chonchi `int()` iphulika. Chachiwiri, chomwe ndimachiona kawirikawiri m'makodi a anthu, mukadzuka muyesenso kasitomala yemwe uja anakanidwa, osati kupita kwa wotsatira. Mukapanda kutero sikiripiti imafika kumapeto ngati zonse zayenda, koma pali anthu omwe sanalandire kanthu ndipo mudzazidziwa akadzabwera okha kudzafunsa. Seva ikapanda kupereka `Retry-After` mumawirikiza kudikirako, sekondi 1, kenako 2, 4, 8, 16, nkuika polekezera monga 60, komanso kuwonjezerapo kanthawi kosakhazikika ndi `random.random()` kuti masikiripiti awiri asadzukire limodzi nkugundananso.

Ubwino wake iyi imamva seva, malire akasintha iyo imatsatira yokha. Koma sikuti imakupulumutsani ku mphindi 100 zija ayi, imangothamanga nkuima, kuthamanga nkuima. Ndipo kukanidwa mobwerezabwereza si chinthu chabwino, ma API ena amawerengera ngakhale marikwesiti okanidwawo, ena amatseka kiyi kwa kanthawi akaona kuti mukumenyabe chitseko. Nchifukwa chake ine ndimaitenga ngati chotchingira kumbuyo, osati njira yoyendetsera ntchito yonse.

Amene mumadalira `Retry` ya `urllib3` pamodzi ndi `requests`, dziwani kuti kuika `status_forcelist=[429]` pakokha sikubwereza `POST`, chifukwa `POST` mulibe mu `allowed_methods` pokhapokha muiikemo nokha. Ndipo olemba `urllib3` anachita kusiya dala. 429 ikutanthauza kuti seva yakana, kubwereza kulibe vuto. Koma rikwesiti ikafera panjira chifukwa cha netiweki simukudziwa ngati inafika kapena ayi, mwina meseji inapita koma yankho ndi lomwe linasowa, mukabwereza mayi wa ku Makanjira uja alandira kawiri ndipo inu mulipira kawiri. Ndiye mukaikamo `POST` ikaninso `read=0`, ndipo ngati API yanu ili ndi `Idempotency-Key` kapena malo oika nambala yanuyanu ya meseji iliyonse, igwiritseni ntchito.

Yachitatu ndi bachi, ndipo ngati ilipo iyi ndiye yopambana kutalitali. M'malo motumiza munthu m'modzi pa rikwesiti, mumalongedza anthu 100 mu rikwesiti imodzi. 6,000 aja asanduka marikwesiti 60 okha, ntchito ya mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pa netiweki yodukaduka kupita ku seva ka 60 nkwabwino kuposa ka 6,000. Fufuzani m'madokyumenti mau akuti `bulk` kapena `batch`, anthu ambiri amalemba lupu asanaone nkomwe kuti zilipo. Koma werengani bwino, ma API ena amawerenga malekodi omwe ali mkatimo osati marikwesiti, pamenepo bachi ikuchepetserani maulendo okha, malire ali pomwepo. Ena bachi yawo imafuna uthenga umodzi wofanana kwa onse, zomwe sizingathandize pa balansi poti aliyense ali ndi nambala yake. Chinanso, bachi itha kubweza `200` pomwe mkatimo anthu 7 alephera chifukwa nambala za foni zinalembedwa molakwika, ena ndi 0 kutsogolo ena ndi +265, ndiye muzitsegula yankholo nkuona m'modzim'modzi, osangokhutira ndi `200` yo.

Ndiye kusankha kwanga kuli chonchi: bachi ikakhalapo ndipo ikulola uthenga osiyanasiyana, tengani imeneyo. Ikasowa, yendani ndi liwiro loyezedwa la 1.1 lija, `Retry-After` ikhale kumbuyo kudikira tsiku lomwe wina wagwiritsa kiyi yanu. Yachiwiri payokha ndingailole pa malekodi mazana ochepa basi.

Koma iliyonse yomwe mwasankha, ntchito ya mphindi 110 kuno magetsi atha kuthima ili pakati, kapena bandulo kutha pa kasitomala nambala 4,200. Muzilemba ID ya aliyense amene wadutsa mu kafayilo kapena mu `sqlite3` nthawi yomweyo seva ikavomera, osati kumapeto kwa lupu, ndipo sikiripiti ikamayamba iziwerenga kaye mndandandawo nkudumpha omwe alimo kale. Popanda zimenezi muyambiranso pa 1, anthu 4,200 alandira meseji kachiwiri, ndipo ngati API yanu ilinso ndi malire a pa tsiku mutha kuwamaliza otsala 1,800 aja asanafikiridwe.