Kudula vidiyo ya maliro: CapCut pafoni kapena Shotcut palaputopu

Vidiyo ya maliro a amalume ku Mbare, maawala 2, abale ku Dedza amafuna mphindi 10 basi. Ndinayamba ndi CapCut pafoni, kudula sikuvuta, umadina Split pamene abusa ayamba ulaliki kenako uchotsa zosafunika, koma poti fayiloyo inali ya 8 GB foni inatentha mpaka kuzima kawiri, magetsinso atapita. Shotcut palaputopu imachedwa kuzolowereka koma imaonetsa mafunde a mawu, pamene kwaya yasiya kuyimba ukuonapo ndi maso osachita kumvetsera zonse. Ine ndinasunga mbiri ya malemu yonse, nyimbo vesi imodzi, ulaliki mphindi 3, kumanda pang'ono. Dulani popumira munthu, mukadula pakati pa mawu zimamveka ngati netiweki yathawa. Potulutsa 720p yakwana, azakhali bandulo yawo ndi yochepa.