Petulo wa 95 kapena wa 98 pa galimoto ya banja?

95 ndi 98 ndi manambala a okiteni, ndipo nambala ya okiteni siisonyeza mphamvu ya petulo. Imasonyeza mmene petuloyo amapiririra kupanikizidwa ndi kutentha mu silinda osaphulika yekha. Sipakipulagi ikayatsa, moto umayenera kufalikira mwadongosolo. Petulo wotsala kumbali akaphulika motowo usanamufike, injini imagogoda ngati mwathiramo timiyala, makamaka pokwera chitunda mutanyamula katundu, ndipo zikapitirira pisitoni imawonongeka.

Tiyerekeze pa galimoto yopanda tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, yopanikiza mpweya mu silinda ka 9 pa 1, imene buku lake limati 91 ndi wokwanira.

Mtengo: wa 98 ndi wodula pa lita iliyonse, wa 95 ndi wotsikirapo.

Liwiro ndi mtunda: n'chimodzimodzi. Injini yotereyi siigogoda pa 95, ndiye okiteni wowonjezerayo alibe ntchito. Mphamvu yosungidwa mu lita imodzi ndi yofanana pafupifupi.

Kuyeretsa injini: apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Amayeretsa ndi mankhwala othiridwa mu petulo, osati okiteni. Makampani ena amathira ambiri mu wodulayo, koma ena amathira mofanana.

Wa 98 ndi wa injini zopanikiza kwambiri kapena za tebo zimene buku lake limautchula. Ena nonse gulani wa 95. Injini ikamagogoda pa petulo woyenera, onetsani makaniko aone mwaye mu silinda, kutentha kwa injini ndi nthawi yoyatsira sipaki.